Kusandutsa chithunzi cha agogo kukhala chopenta popanda kuwasintha nkhope

Ndinali ndi chithunzi cha pa foni cha agogo anga atakhala pampando wandalema pakhonde, atavala duku ndi chitenje chamaluwa achikasu. Ndinkafuna chioneke ngati chopenta ndi burashi kuti tikachisindikize n'kuchipachika pabalaza. Ndinawauza kaye, iwo n'kuvomera, koma anati makwinya awo ndisawachotse chifukwa sanawabe kwa munthu. Chithunzi choyamba chimene kompyuta inatulutsa chinali chokongola kwabasi, kungoti amene anali pampandopo anali mayi wina wachilendo, wocheperapo msinkhu, woyererapo khungu, wamphuno yosongoka. Mawu amene ndinalembera kompyutayo analibe vuto. Cholakwika chinali nambala imodzi yomwe ndinaisiya mmene ndinaipezera.

Ndifotokoza mmene mungasankhire nambala imeneyo ndi inzake. Ndigwiritsa ntchito Stable Diffusion 1.5, yomwe ndi modelo, kutanthauza nzeru ya pakompyuta yophunzitsidwa kupanga zithunzi potsatira mawu. Ndiiyendetsa mu pulogalamu ya AUTOMATIC1111, pa tsamba lotchedwa `img2img` losinthira chithunzi chimene muli nacho kale, chifukwa pamenepo zonse zili poyera. Mukamvetsa zimene zikuchitika apa, mapulogalamu enawo sakuvutani.

Dziwani kaye kuti nambala yanu ikuloza kuti

Anthu ambiri amagwa pano asanayambe n'komwe. Pa tsamba la `img2img` pali muyezo wolembedwa `Denoising strength`, woyambira 0 kulekeza 1, ndipo mukangotsegula pulogalamuyi mumaupeza uli pa 0.75. Munthu akaona mawu onena za mphamvu amaganiza kuti akakweza nambala, chithunzi chake chigwiridwa mwamphamvu. Si choncho. Nambala imeneyi ndi ya ufulu wa kompyuta. Mukaikweza, chithunzi chanu chimatayika. Mukaitsitsa, chimasungika.

Chimene chimachitika mkati ndi ichi. Pulogalamu imatenga chithunzi chanu n'kuchiwaza timadontho tachisawawa, ngati tija timadzaza pa wailesi yakanema yakale mlongoti ukapotoka ndi mphepo. Ine ndimangoti fumbi. Kenako modelo imachotsa fumbilo pang'onopang'ono, ndipo paliponse pamene sipakuoneka bwino imadzazapo zimene ikuganiza kuti zikugwirizana ndi mawu anu. Fumbi likakhala lochepa, maso, mphuno ndi milomo zimaonekabe pansi pake, ndiye modelo imangozipukuta. Likachuluka, chimatsala ndi zigamba za mitundu, pano pakuda, apo pachikasu, ndipo nkhope modelo imapeka yake. Zing'onozing'ono ndi zimene zimayamba kukwiririka, zikuluzikulu zimatsalira. N'chifukwa chake pa 0.75 agogo anga anasowa koma mpando, khonde ndi kakhalidwe kawo zinatsala.

Mapulogalamu ena anatembenuza muyezowu. Ku Midjourney, mwachitsanzo, mumalemba `--iw` ndi nambala, ndipo kumeneko nambala yaikulu imatanthauza kuti chithunzi chanu chimveredwe kwambiri. Mukapanda kulemba kanthu imakhala pa 1. Choncho pa pulogalamu iliyonse yachilendo, yambani ndi kuyesa kawiri, kamodzi muyezo uli pansi penipeni, kamodzi uli pamwamba penipeni. Zithunzi ziwirizo zikuuzani komwe kuli kufanana ndi komwe kuli ufulu.

Konzani chithunzi musanakhudze muyezo uliwonse

Modelo sigwira ntchito pa chithunzi chanu mmene chilili. Imayamba yachipanikiza ka 8 m'litali ndi m'lifupi momwe, moti chithunzi cha mapikiseli 512 kwa 512 chimasanduka timabokosi 64 kwa 64. Taganizirani tsono za nkhope. Ngati munthu anajambulidwa ali patali, nkhope yake n'kukhala yotambalala mapikiseli 80 okha, ndiye kuti modelo ikuiona m'timabokosi 10. M'timabokosi 10 mulibe malo osungiramo kapindikidwe ka milomo kamene kamachititsa kuti achibale azindikire munthu wawo. Fumbi pang'ono chabe, nkhope yapita.

Dulani chithunzicho kuti munthuyo adzaze malo ambiri. Ine ndinachotsa denga ndi bwalo lonse, n'kusiya agogo kuyambira m'mawondo kupita kumutu. Pa Stable Diffusion 1.5 ikani `Width` pa 512 ndi `Height` pa 768 ngati chithunzi chili choimirira. Ngati mukugwiritsa ntchito SDXL, modelo ina ya Stable Diffusion yomwe inatuluka mu 2023, yambirani cha pa 1024 chifukwa inaphunzitsidwa pa zithunzi zazikulu choncho. Pa `Resize mode` sankhani `Crop and resize`. Mukasiya pa `Just resize` pomwe muyezo wa chithunzi chanu ndi wina, nkhope imatamuka kapena kuphwatalala, ndipo mudzataya nthawi kuimba mlandu nambala zosalakwa. Ngati `Restore faces` ili yoyatsa, izimitseni, chifukwa imasalaza nkhope mwa njira yakeyake ndipo idzakusokonezani poweruza.

Lembani mawu ofotokoza zimene zilipo kale

Mawu a m'bokosi la `Prompt` si ongoitanitsa utoto wokha. Paliponse pamene fumbi lakwirira, modelo imafunsa mawu anu kuti panali chiyani. Mukangolemba kuti mukufuna chopenta cha mayi, osanena msinkhu kapena khungu lake, imadzazamo mayi amene inamuona kawirikawiri pophunzira, ndipo nthawi zambiri ameneyo sakhala gogo wakuda wovala duku. Umu ndi mmene khungu limayererera popanda wolipempha. Mamodelo amenewa amamva bwino Chingerezi, ndiye ndinalemba motere:

```
oil painting of an elderly African woman, dark brown skin,
wrinkled face, headwrap, yellow floral wrap cloth,
seated on a veranda, visible brush strokes
```

M'bokosi la `Negative prompt` ndinaikamo zimene sindikufuna:

```
young, light skin, smooth skin, makeup
```

Mawu akakhazikika, musawasinthenso mpaka mutamaliza kuyesa nambala.

Mangani `Seed`

Bokosi la `Seed` limakhala pa -1, kutanthauza kuti ulendo uliwonse fumbi limawazidwa mosiyana. Mukasiya choncho, simungadziwe ngati chithunzi chasintha chifukwa cha muyezo umene mwasuntha kapena chifukwa cha mwayi chabe. Lembanimo nambala iliyonse, kaya 1234, ikhale yomweyo. `Sampling steps`, chiwerengero cha masitepe ochotsera fumbi, ikani pa 30, `CFG Scale` isiyeni pa 7 mmene mwaipezera.

Fufuzani pamene nkhope ikuthera

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Pansi pa tsambalo pali bokosi la `Script`. Sankhani `X/Y/Z plot`, pa `X type` muike `Denoising`, ndipo pa `X values` mulembe izi:

```
0.3, 0.4, 0.5, 0.6, 0.7
```

Mukadina `Generate` mulandira zithunzi zisanu zondandalikidwa, chilichonse ndi nambala yake pamwamba. Zanga zinatuluka motere.

Pa 0.3 anali agogo enieni, koma chithunzicho chinkangooneka ngati cha pa foni chomwe wina wachipukuta ndi nsalu yonyowa. Utoto panalibe. Pa 0.4 mizere ya burashi inayamba kuoneka pakhoma ndi pa duku, nkhope ikadali yawo, ngakhale maluwa a pachitenje anali atayamba kusungunuka. Pa 0.5 chinali chopenta ndithu, chosangalatsa m'maso, koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti maso akula pang'ono ndipo kachipsera ka pachipumi kasowa. Pa 0.6 anali munthu amene mungati ndi mng'ono wawo wa agogo. Pa 0.7 anali mlendo.

Ndiye malire anali pakati pa 0.4 ndi 0.5. Ndinabwerezanso, ulendo uno ndi masitepe aafupi:

```
0.40, 0.42, 0.44, 0.46, 0.48, 0.50
```

Kufanana kwa nkhope sikuchepa mofanana pa sitepe iliyonse. Kumagwira, kumagwirabe, kenako pakamtunda kochepa n'kugweratu. Kwa ine 0.44 inali nambala yomaliza imene ndikanalumbirira kuti awa ndi agogo. Musatenge 0.44 yangayi ngati lamulo. Nkhope yodzaza chithunzi chonse imapirira fumbi lochulukirapo, yaing'ono imagonja msanga, ndipo modelo ina imakoka nkhope kupita ku maonekedwe ake mwamphamvu kuposa inzake, makamaka zija zinaphunzitsidwa zithunzi za makatuni.

Poweruza musadalire maso anu okha. Mukayang'ana zithunzi makumi awiri zotsatizana, maso amazolowera kusintha kwa pang'onopang'ono ndipo mumayamba kuvomereza mlendo. Ine ndimatumiza zithunzi zitatu kwa achemwali anga osawauza kanthu, n'kungofunsa kuti ameneyu ndani. Akayankha msanga, nambala ili bwino. Akayamba ndi "Kodi si...", ndadumpha malire. Ngati mulibe womufunsa, yang'anani zinthu zinayi: mtunda wa pakati pa maso, m'lifupi mwa mphuno, kakhalidwe ka milomo, ndi mtundu wa khungu poyerekeza ndi chithunzi choyambirira mutaziika pambalimbali.

Mukapeza nambala yanu, sinthani `Seed` kawiri kapena katatu muone ngati ikugwirabe. Nthawi zina nambala imaoneka yabwino chifukwa fumbi la ulendo umenewo linangogwa mokomera. Ngati pa zithunzi zinayi chimodzi chokha ndi chimene chikufanana, tsitsani ndi 0.03 kapena 0.04.

Kanthu kena kobisika ndi aka. Mu pulogalamuyi masitepe amene amayendadi ndi `Sampling steps` kuchulukitsa ndi `Denoising strength`. Masitepe 30 pa 0.3 ndi pafupifupi 9 okha. Mukagwira ntchito pa nambala zotsika n'kuona chithunzi chili mbuu kapena chamathothomathotho, kwezani masitepe afike 40 kapena 50 musanaganize zina. Mu pulogalamu ina yotchedwa ComfyUI muyezo womwewu umatchedwa `denoise`, uli mu `KSampler`, ndipo kumeneko masitepe onse amene mwalemba amayenda.

Tsopano `CFG Scale`

Muyezo uwu suyang'ana chithunzi chanu ayi. Umanena za mawu. Pa sitepe iliyonse modelo imalosera kawiri, kamodzi ikumvera mawu a mu `Prompt`, kamodzi popanda mawuwo, kapena ndi a mu `Negative prompt` ngati mwalembamo. Kenako imatenga kusiyana kwa malosero awiriwo n'kukuchulukitsa ndi nambala yanu. Pa 1 palibe kukankha kowonjezera. Pa 7 ikukankhidwa ndithu kupita kumene mawu akuloza. Mukapitirira 12 kapena cha pamenepo, chithunzi chimayamba kupsa: mitundu imawala mopweteka maso, m'mphepete mwa zinthu mumakhala mizere yakuthwa, ndipo khungu lakuda limasanduka lofiirira ngati njerwa yootcha kapena lonyezimira ngati pulasitiki.

Cholakwa chofala n'chakuti nkhope ikasowa, munthu amathamangira kukweza `CFG Scale` poganiza kuti kompyuta sikumumvera. Koma mawu anu sakuwadziwa agogo anu. Amangodziwa gogo wina aliyense wovala duku. Mukakweza, mukulamula modelo kuti ithamangire kwa gogo wina aliyenseyo, ndipo wanuyo amatalikirabe. Nkhope ikasowa, chotsitsa ndi `Denoising strength`.

Komabe miyezo iwiriyi imakokana. Fumbi ndi limene limatsegula malo oti asinthidwe, ndipo `CFG Scale` imanena kuti m'malo otsegukawo mawu alowemo mwamphamvu bwanji. Kuti muone ndi maso, bwererani ku `X/Y/Z plot`. Pa `X values` siyani nambala zitatu zoyandikana ndi malire anu, pa `Y type` sankhani `CFG Scale`, ndipo pa `Y values` lembani:

```
4, 6, 8, 10
```

Zituluka zithunzi 12. Pa changa, 0.44 ndi 4 zinasunga nkhope bwino kwambiri koma utoto unali wofooka. Pa 10 mizere ya burashi inali yamphamvu, koma masaya anawala mopitirira. Ndinakhazikika pa 6. Muonanso kuti mukatsika ndi mzere umodzi kusintha n'kochepa poyerekeza ndi mukayenda chopingasa. N'chifukwa chake ndimati muyambe ndi fumbi, mawu abwere pambuyo.

Chenjezo limodzi: nambala 7 si ya modelo iliyonse. Mamodelo othamanga monga SDXL Turbo ndi a mtundu wa LCM anapangidwa kuti azigwira ntchito cha pa 1 kapena 2, ndipo mukawapatsa 7 chithunzi chimapsereratu. Werengani zimene wopanga modelo yanu analemba pa tsamba limene munaitenga.

Pamene palibe nambala yokhutiritsa

Pa 0.44 ndinali ndi nkhope, koma mtima unkakhumbabe khoma, duku ndi kuwala kwa pa 0.6. Palibe nambala imodzi imene ikanandipatsa zonse ziwiri, ndipo kukakamira kuifufuza pakati pa 0.45 ndi 0.49 n'kutaya magetsi. Njira ndi kugawa ntchito pawiri, kuti nkhope ilandire fumbi lochepa, zotsalazo lambiri.

Tengani chithunzi chanu cha pa malire, chija chili ndi nkhope yabwino, muchitumize ku `Inpaint`, tsamba losinthira mbali ina chabe ya chithunzi, ndi batani lotumizira lomwe lili pansi pake. Pakani nkhope yonse ndi burashi, kuphatikiza makutu ndi khosi. Pa `Mask mode` sankhani `Inpaint not masked`, kutanthauza kuti pamene mwapakapo pasakhudzidwe, kwinako kusinthidwe. `Masked content` ikhale pa `original`, `Inpaint area` pa `Whole picture`. Kwezani `Denoising strength` ifike 0.6, ndipo `Mask blur` muichotse pa 4 ifike cha pa 12 kuti malire asachite kuoneka. Nkhope ikhala mmene inalili, khonde lonse lilandira ufulu.

Chimene chimalakwika apa n'chakuti nkhope imaoneka ngati yomatidwa, yosalala pakati pa utoto wokhuthala. Mukaona choncho, tengani chotulukacho muchibwezere ku `img2img`, chonse, pa 0.2 kapena 0.25. Fumbi lochepa chonchi silisuntha mphuno kapena maso, koma limalumikiza mitundu ndi kakhakhalidwe ka utoto. Musabwereze kambirimbiri. Ulendo uliwonse chithunzi chimapanikizidwa n'kufutukulidwanso, ndipo timizere tating'ono timatayikako ngakhale muyezo uli pa 0. Kawiri n'kokwanira.

Ngati manja ali poonekera, apakeni limodzi ndi nkhope. Pa 0.6 zala zimakonda kuchuluka kapena kumatana, ndipo agogo anga anatuluka ndi zisanu ndi chimodzi kudzanja lamanzere ndisanaphunzire zimenezi.

Mukafuna ufulu wochuluka koma maonekedwe asasunthe

Nthawi zina mumafuna kusintha kwakukulu, monga chojambula cha pensulo kapena mitundu ina kotheratu, zomwe sizitheka pansi pa 0.6 chifukwa mitundu ya chithunzi choyambirira imakanirira. Apa pamafunika ControlNet, chowonjezera chimene chinatuluka mu 2023. Chimatenga mizere ya m'mphepete mwa zinthu za pachithunzi chanu n'kuisonyeza modelo pa sitepe iliyonse, ndiye ngakhale fumbi likwirire zonse, mizereyo sikwiririka.

M'bokosi la ControlNet chongani `Enable`, sankhani `Canny` kapena `Lineart`, zomwe ndi njira zotengera mizereyo, ndipo onetsetsani kuti modelo ya ControlNet ndi ya banja limodzi ndi modelo yanu yaikulu, chifukwa ya 1.5 sigwira pa SDXL. Pano samalani, muyezo watembenuka: `Control Weight` ikakwera, chithunzi chanu chimagwiridwa mwamphamvu. Imayambira pa 1. Ikani `Denoising strength` pa 0.7, muyese `Control Weight` pa 0.6, 0.8 ndi 1. Ikachepa, nsagwada ndi mphuno zimayambanso kuyendayenda. Ikachuluka, chithunzi chimauma, mzere uliwonse wa pachithunzi choyambirira umatuluka ngati wodindidwa, ngakhale ming'alu ya pakhoma imene simunaifune.

Muyezo umene ndimaukonda pamenepa ndi `Ending Control Step`. Uli pa 1, kutanthauza kuti mizere igwire mpaka kumapeto. Maonekedwe aakulu amakhazikika m'masitepe oyambirira, ndiye mukautsitsa kufika 0.6 kapena 0.7, mizere imagwira pamene ikufunika n'kumasula modelo kuti imalize ndi dzanja lomasuka. Kumbukirani kuti mizere ilibe mtundu. ControlNet ya mtundu uwu isunga kaumbidwe ka nkhope koma siisunga khungu, choncho mawu aja ofotokoza khungu ndi msinkhu amafunika kwambiri pano kuposa poyamba.

Za chitenje ndinagonja. Maluwa ake ndi aang'ono ndi obwerezabwereza, ndipo ndi amene amayamba kukwiririka, cha pa 0.35 pomwe. Modelo imaikapo maluwa akeake ooneka bwino, koma mwini chitenje amadziwa kuti si chake. Chimodzimodzi zilembo: chitenje cholembedwa dzina la mpingo kapena chaka cha msonkhano chimatuluka ndi zilembo zosawerengeka. Ngati nsaluyo ili ndi tanthauzo, ipakeni pamodzi ndi nkhope kuti itetezeke, n'kuvomera kuti utoto wake ukhala wopepuka. Ngati ilibe, isiyeni modelo ichite nayo zake.

Mukakhutira, lembani penapake nambala zonse: modelo, `Seed`, masitepe, miyezo iwiri ija ndi mawu. Pulogalamuyi imazisunganso mkati mwa fayilo ya PNG, ndipo mungaziwerenge pa tsamba la `PNG Info`, koma chithunzi chikadutsa pa WhatsApp mwa njira yanthawi zonse zimafufutika. Zanga zinali 0.44 ndi 6 pa nkhope, 0.6 pa khonde, 0.2 polumikiza. Chitenje sindinachipake. Agogo atachiona anawerenga makwinya awo n'kupeza alipo, kenako anafunsa kuti chitenje chimenechi ndinawagulira liti.